Tebulo langa la mabondi landigwetsa, ndalakwitsa pati?

Nachisale_F4
Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni. Sabata yatha ndinachezera usiku wonse kujambula tebulo lofananitsa mabondi atatu aja, ayoniki, kovalenti ndi metaliki. Makolamu atatu, mizere inayi: maelekitironi amatani, chinthucho chimasungunuka bwanji, magetsi amadutsamo kapena ayi, kenako zitsanzo. Ndinaliloweza mpaka ndimalilota. Lachiwiri tinalemba tesiti ndipo funso linali loti tifotokoze chifukwa chake dayimondi sasungunuka wamba pomwe ndi wa kovalenti, lina linali la girafaiti kuti magetsi amadutsamo bwanji. Tebulo langa limati za kovalenti zimasungunuka pa moto wochepa ndipo magetsi sadutsamo. Ndapeza 3 pa 10. Ndiye ndilitaye, kapena pali pokonza? Mayeso a MSCE ayandikira, mtima uli m'mwamba.

MfumuYaManotsi
Usalitaye iwe. Tebulo lako lili bwinobwino, ungowonjezera kanyenyezi pansi n'kulemba kuti "kupatula dayimondi ndi girafaiti". Lamulo ndi limodzi: chitsulo ndi chosakhala chitsulo zikakumana ndi ayoniki, zosakhala zitsulo zokhazokha ndi kovalenti, chitsulo pachokha ndi metaliki. Ine ndinakhoza ndi zimenezi basi.

Bambo_a_Mapasa
Tebulo limeneli amaligulitsa kale m'mabukushopu, lalikulu lomata pakhoma lokhala ndi mitundu. Ndinawagulira ana anga chaka chatha. Musamavutike kujambula pamanja.

Chipwirikiti99
Bambo, limenelo ndi la Mendeleev lija la maelementi. Apa akunena lina. Koma zikomo, mapasa ali ndi mwayi.

Bambo_a_Mapasa
Oho, pepani. Ndikhala phe ndizingowerenga.

ChokoNdiBolodi
Nachisale, ndaphunzitsa phunziroli pa sekondale yoyendera kwa zaka zambiri ndipo tebulo ngati lakolo ndimaliona chaka chilichonse. Sikuti unaloweza molakwika. Vuto ndi loti mutu wa makolamu ako ukunena za bondi, koma mizere yapansiyo ikufunsa za kamangidwe ka chinthu chonsecho. Zimenezi ndi nkhani ziwiri.

Tenga madzi. Mkati mwa molekyulu imodzi ya H₂O muli mabondi a kovalenti, ndipo ndi olimba kwabasi. Ukatereka ketulo madzi n'kuwira pa madigiri 100, mabondi amenewo saduka ngakhale imodzi. Nthunzi ikutuluka ija ndi H₂O yemweyo. Chomwe moto wagonjetsa ndi kukokana kofooka kwa pakati pa molekyulu ndi inzake. Kandulo chimodzimodzi: amasungunuka msanga chifukwa mamolekyulu ake amangogwirana mwaulesi, osati chifukwa bondi ya kovalenti ndi yofooka.

Tsono dayimondi alibe mamolekyulu osiyanasiyana oti ungawalekanitse. Atomu iliyonse ya kaboni yagwirana ndi anzake anayi, aliyense wa iwo ndi ena anayi, mpaka mwala wonse. Kuti umusungunule uyenera kudula mabondi enieniwo, n'chifukwa chake pamafunika kutentha kopitirira madigiri 3,500. Mchenga wa m'dambo, SiO₂, nawonso ndi wa banja lomweli, umasungunuka cha m'ma 1,700.

Ndiye kolamu yako ya kovalenti uyigawe pawiri: ya timamolekyulu ting'onoting'ono, ndi ya kamangidwe kakakulu kolumikizana konse. Makolamu akhale anayi. Dayimondi sakhalanso mlendo wa pa kanyenyezi, amakhala ndi nyumba yake.

MfumuYaManotsi
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma apo mukumuchulutsira mwanayu. Bukhu limati mitundu ya mabondi ndi itatu. Akalemba inayi pa mayeso amudula.

ChokoNdiBolodi
Sindinati mabondi ndi anayi, a Mfumu. Mabondi ndi atatu, kamangidwe ndi kanayi. Pamwamba pa makolamu awiri apakatiwo alembe "kovalenti" kamodzi mopingasa, ngati denga limodzi la zipinda ziwiri. Akafunsidwa mitundu ya mabondi awerenge madenga. Akafunsidwa za kusungunuka ayang'ane zipinda.

Kanyenyezi kanuko kamauza mwana kuti dayimondi ndi wosiyana, koma sikamuuza chifukwa. Funso lomwe lamugwetsa Nachisale linali la chifukwa.

Nachisale_F4
Zoona aphunzitsi, ndinalemba kuti "dayimondi ndi wosiyana ndi anzake" basi, n'kupatsidwa ziro pamenepo. Koma palinso china chimandisokoneza. Mchere ndinalemba kuti umasungunuka msanga, chifukwa mu ndiwo sutenga ndi mphindi ziwiri zomwe. M'bukhu akuti umafuna moto wambiri. Cholondola ndi chiti?

MayiWaLabu
Ha, wagwa m'dzenje la chilankhulo chathu chomwe mwanawe. Ife mawu oti "kusungunuka" timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Majarini akamasanduka mafuta m'poto wamoto timati asungunuka. Mchere ukamasowa m'madzi timatinso wasungunuka. Pa kemisitiri izi ndi zosiyana kutalitali. Mchere wa patebulo, NaCl, kuti usanduke wamadzimadzi ndi moto wokha popanda dontho la madzi, umafuna madigiri 801. M'madzi umalowa ngakhale ozizira a mumtsuko, chifukwa mamolekyulu a madzi amazungulira maayoni n'kumawachotsa mmodzimmodzi.

Pa tebulo lako usalembe mawu oti "kusungunuka" okha. Mzere wina ulembe "kusungunuka ndi moto", wina "kusungunuka m'madzi", ndipo isayandikane.

Ukafuna kuona ndi maso, tenga masipuni awiri akale. Ina ikamo shuga, ina mchere wouma, uziike pa mbaula. Shuga sachedwa, amachita madzimadzi, kufiira ngati uchi, kenako kuda bii ndi fungo la kupserera. Mchere umangothetheka, kudumphadumpha, koma ukhalabe mchere.

Chipwirikiti99
Ine ndinayesapo zimenezo ndili Fomu 3 ndipo mchere unasungunuka. Ndinaona ndi maso angawa.

MayiWaLabu
Unali wa miyala uja wa pamsika, nyengo ya dzinja?

Chipwirikiti99
Eya, wa m'kapepala.

MayiWaLabu
Unali wonyowa. Unasungunuka m'chinyezi chake chomwe. Ukanadikira pang'ono madziwo akanauma, mchere n'kubwerera woyera mbee pa sipuni. Chomwe chasungunuka ndi moto chimauma ukachichotsa pamoto, pomwe chako chikanauma chili pamoto pomwepo. Kusiyanitsa kwake ndi kumeneko.

Chipwirikiti99
Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti bukhu linanama. Komanso makala ake a masiku ano odula chonchi, ndani angawononge pa sipuni ya mchere? Kajumbo ka dzana ndinagula sikanapsereze ndi nyemba zomwe.

Bambo_a_Mapasa
Nyemba muzinyika m'madzi usiku wonse, zimapsa msanga. Apa pokha ndikudziwapo.

WakuZomba_Chaka3
Tibwerere kwa Nachisale asanatithawe. Ine ndikufuna ndikhudze lamulo la a Mfumu lija, la chitsulo ndi chosakhala chitsulo. Limagwira nthawi zambiri, sindikukana, koma lili ndi mabowo. NH₄Cl mulibe chitsulo ngakhale chimodzi, koma ndi ya ayoniki: pali NH₄⁺ ndi Cl⁻. Ndipo mkati mwa NH₄⁺ momwemo mabondi ndi a kovalenti. Kumbali inayi AlCl₃ ndi chitsulo ndi chosakhala chitsulo, koma imasanduka nthunzi cha pa madigiri 180, khalidwe la timamolekyulu.

Ena amathawira ku manambala a mphamvu yokokera maelekitironi, n'kumati kusiyana kukapitirira 1.7 ndiye ayoniki. Yesani HF: pa sikelo ya Pauling yakale ija F ndi 4.0, H ndi 2.1, kusiyana 1.9. Koma HF ndi molekyulu ya kovalenti. Kunena zoona pakati pa ayoniki ndi kovalenti palibe mpanda, pali chitunda chotsetsereka, ndipo tebulo lililonse limajambula mpanda pomwe palibe.

MfumuYaManotsi
Achimwene, za ku yunivesite zisiyeni ku yunivesite. Mwana wa Fomu 4 mukumuuza kuti palibe mpanda, alowa m'chipinda cha mayeso alibe chogwira.

ChokoNdiBolodi
Apa ndili pakati. A Mfumu akunena zoona kuti HF ndi manambala a Pauling Nachisale asazinyamule pano. Koma mchere wa amoniyamu asauponye kunja, chifukwa akumana nawo pa mutu wa feteleza. Amoniyamu salufeti tonse timamudziwa. Ine ndimauza ana kuti lamulo la chitsulo lija alilembe ngati "poyambira kuganiza", osati ngati tanthauzo. Tanthauzo likhale la zomwe zili mkatimo: maayoni okokana, kapena maatomu ogawana maelekitironi, kapena maayoni a chitsulo okhala m'nyanja ya maelekitironi oyendayenda.

WakuZomba_Chaka3
Ndavomera theka. Kungoti chaka choyamba kuno tinavutika kuchotsa m'mutu zomwe tinaloweza ngati malamulo a pa Sinai.

Nachisale_F4
Ndagawa kale makolamu. Nanga mzere wa magetsi? Pa ayoniki ndinalemba "inde", pa tesiti ina anandichonga, pa ina anandidula. Yankho lomwelo!

ChokoNdiBolodi
Chifukwa "inde" ameneyo ndi woona theka. Mzere wa magetsi ndi womwe umapha matebulo ambiri, ndipo uyenera kukhala mizere itatu: chikakhala cholimba, chikasungunuka ndi moto, chikakhala m'madzi. Ndiponso m'kabokosi usalembe inde kapena ayi yekha. Lemba chomwe chikuyenda. Magetsi kuti adutse pamafunika kanthu kokhala ndi chaji komwe kali ndi ufulu woyenda, kaya elekitironi kaya ayoni.

Mchere wouma uli ndi maayoni, koma amangika malo amodzi, ndiye "ayi, maayoni sakuyenda". Ukasungunuka ndi moto kapena m'madzi, "inde, maayoni akuyenda". Waya wa kopa, "inde, maelekitironi", wolimba kapena wosungunuka. Shuga "ayi" monsemo, chifukwa ngakhale alowe m'madzi amalowa ngati mamolekyulu athunthu opanda chaji. Girafaiti ndiye funso lako lija: kaboni aliyense wagwirana ndi atatu okha m'malo mwa anayi, elekitironi yachinayi imatsala yomasuka n'kumayenda m'kati mwa magawo osanjikizana aja. Dayimondi zinayi zonse zili pantchito, palibe yotsala.

Ndikupatse kantchito, ndiuyendetse ndekha kuti uone mmene tebulo limagwirira. Funso la mtundu uwu limabwerabwera: akupatsa zinthu zosatchulidwa maina. W imasungunuka pa madigiri 660, magetsi amadutsa ili yolimba komanso itasungunuka. X imasungunuka pa 770, yolimba magetsi sadutsa, itasungunuka amadutsa. Y imasungunuka cha pa 1,700, magetsi sadutsa konse, m'madzi silowa. Z imasungunuka pa 114 pansi pa ziro, yokha magetsi sadutsa, koma m'madzi amadutsa kwambiri.

Osayambira pa manambala a moto, amanyenga. Yambira pa funso loti, chili cholimba magetsi akudutsa? W yokha ndiyo ikuti inde, ndiye ndi chitsulo kapena girafaiti. Apa ndiye nambala ikuthandiza: girafaiti sangasungunuke pa 660, choncho ndi chitsulo, ndipo ndi aluminiyamu wa mapoto athuwa. Zitatu zotsalazo uzifunse: zikasungunuka ndi moto? X ikuti inde, imeneyo ndi ayoniki, palibe kukayika, ndi KCl. Y ndi Z zonse zikuti ayi, zonse ndi za pansi pa denga la kovalenti, ndipo nambala ya moto ndi yomwe ikuzilowetsa m'zipinda: Y chipinda cha kamangidwe kakakulu, Z cha timamolekyulu.

Ana ambiri Z amaiponya ku ayoniki chifukwa aona "m'madzi amadutsa". Z ndi HCl. Payokha ndi molekyulu ya kovalenti, koma ikalowa m'madzi imapanga maayoni pochita ndi madziwo. N'chifukwa chake mzere wa "m'madzi" ndi mboni yosadalirika, ndipo ndimauika pansi penipeni. Mboni yeniyeni ya ayoniki ndi mzere wa "chikasungunuka ndi moto". Mizere ya tebulo lako uyisanje motsatira mafunso amenewa, kuyambira pamwamba kutsika.

Nachisale_F4
Eee, Z ndinali nditalemba kale ayoniki pa pepala ndisanafike pansi. Manyazi.

Gogo_wa_Fiziki
Palibe manyazi mdzukulu, ifenso tinagwa pomwepo kalekale. Ine ndiwonjezere za kolamu ya zitsulo, poti aliyense akuidumpha. Aliyense amalemba kuti "zimasungunuka pa moto waukulu". Nanga mekyule wa mu themomita, amene ndi wamadzimadzi mpaka madigiri 39 pansi pa ziro? Sodiyamu amasungunuka pa 98, madzi asanawire n'komwe. Chitsulo cha khasu pa 1,538. Mu kabokosi kameneko lembani kuti "zimasiyanasiyana kwambiri, zambiri pa moto waukulu", ndi zitsanzo ziwiri za kumapeto onse. Ndiponso m'kabokosi ka zitsulo m'madzi musalembe kuti sodiyamu amasungunuka. Amachita ndi madzi, kutulutsa haidirojeni, chotsala si sodiyamunso.

Kolamu ya ayoniki nayonso, "zimalowa m'madzi" ikhale "zambiri". Mwala wa laimu, CaCO₃, ndi wa ayoniki, koma uponyeni mu ndowa mukaupeza mawa uli pomwepo.

MfumuYaManotsi
Mwaona? Tsopano kabokosi kalikonse kali ndi "zambiri", "nthawi zina", "zimasiyana". Limenelo likhalanso tebulo? Ubwino wa tebulo ndi woti ukaliponya diso kamodzi wamva. Lanulo likhala ngati kalata.

Gogo_wa_Fiziki
Mawu amodzi oti "zambiri" sadzaza kabokosi, mwana wanga. Koma nkhawa yanu ndaimva.

MadamuPhiriWaBayo
Ine si wa kemisitiri koma chaka chino andisenzetsa Fomu 3 poti mnzathu anasamuka. Ndinayesa zoyesa magetsi zija sabata yatha ndipo ndinachita manyazi pamaso pa ana. Mabatire awiri a tochi, kababu ka LED, mawaya. Mchere m'madzi kanayaka, ana kuwomba m'manja. Ndiye ndinati tsopano onani shuga, sikayaka. Kuviika, kababu kali ngwee, mofooka koma kakuyaka ndithu. Kamnyamata kena kumbuyo kanati "Madamu, ndiye shuga ndi ayoniki?" Ndinangoti tidzapitiriza mawa. Ndinalakwitsa chani?

MayiWaLabu
Madamu, madzi munatunga kuti?

MadamuPhiriWaBayo
Pa mjigo wa pasukulu.

MayiWaLabu
Ndi pamenepo. Madzi a pamjigo amakhala kale ndi maayoni ochokera m'miyala ya pansi, ndipo LED imayaka ndi timagetsi tochepa zedi. Sikuti anayatsa ndi shuga, anayatsa ndi madziwo. Chachiwiri, ngati munachotsa mawaya mu kapu ya mchere n'kuwaviika mu ya shuga osatsuka, munasamutsa mchere ndi dzanja lanu.

Mukabwereza chitani chonchi. Pezani madzi a batire ya galimoto aja osasakaniza ndi asidi, kapena a mvula otolera m'beseni loyera pabwalo, osati a padenga. Muyambe kuyesa madzi okhawo ana akuona, kuti adziwe poyambira. Kenako shuga, mchere ukhale womaliza, ndipo muzitsuka nsonga pakati. Nsonga zabwino ndi timitengo takuda ta kaboni ta m'kati mwa mabatire akale a tochi, mutavala magulovesi potulutsa. Mtima wa pensulo umagwiranso koma uli ndi dongo, umafooketsa magetsi. Muyesenso mchere wouma mu sosala kuti aone kuti sikayaka, kenako muthire madzi pang'onopang'ono kababu kakuyamba kuwala. Mizere iwiri ya tebulo ana amaidzaza okha pamenepo. Ndipo mabatire okha chonde, za pasoketi ayi.

Kamnyamata kajako mukayamikire, kanafunsa bwino.

MadamuPhiriWaBayo
Mawaya sindinatsuke, ndikukumbuka bwino. Zikomo mayi, Lolemba ndikadziwombola.

Mnyamata_wa_MEC
Poti nkhani ndi ya matebulo, ine langa ndi la mitundu ya mariyakishoni. Zinki mu CuSO₄ ndiike mu kolamu ya kulandana malo kapena ya redokisi? Mabuku awiri akunena zosiyana.

WakuZomba_Chaka3
Onse akunena zoona. Zn + CuSO₄ → ZnSO₄ + Cu: zinki walanda malo a kopa, komanso wataya maelekitironi awiri omwe kopa watola. Matenda ake ndi omwe aja a tebulo la Nachisale, mafunso awiri pa mutu umodzi. Redokisi usaipatse kolamu. Ikhale mzere wofunsa pansi pa mtundu uliwonse kuti, nambala ya okisideshoni yasintha? Pa kulandana malo kwa zitsulo, inde. Pa asidi ndi besi, monga HCl ndi NaOH, ayi. Pa kuphwanyika, zimatengera: CaCO₃ ikamawotchedwa kukhala laimu palibe chasintha, koma madzi akamaphwanyidwa ndi magetsi zasintha. Koma tsegula ulusi wako m'bale, apa tisokoneza.

Nachisale_F4
Ndajambulanso. Makolamu anayi, denga limodzi pa awiri apakati. Mizere yayamba ndi tinthu tomwe tili mkati, kenako chomwe moto umayenera kugonjetsa, kenako magetsi katatu, kusungunuka ndi moto, ndipo m'madzi pansi penipeni. Ndaliyesa ndi mchere, shuga, kandulo, mchenga, kopa ndi HCl, zonse zapeza malo. Girafaiti yekha akundivuta: ali mu kolamu imodzi ndi dayimondi koma pa magetsi akutsutsana. Ndimupatse kolamu yakeyake?

ChokoNdiBolodi
Ine ndimangodula kabokosi kamodziko pakati, dayimondi ndi mchenga uku, girafaiti uku, ndi chifukwa chake m'mawu anayi. Kwina konse amagwirizana, kupatula kulimba, ngati uli ndi mzere umenewo.

WakuZomba_Chaka3
Ndiye kuti ndi mabokosi awiri kale, aphunzitsi. Kuwonjeza apo pakati pa magawo ake pali kukokana kofooka, komwe dayimondi alibe, ndiye mzere wa kamangidwe nawonso udulidwa. Ine ndikanamupatsa kolamu.

MfumuYaManotsi
Poyamba atatu, kenako anayi, pano asanu. Pofika Lachisanu tikhala ndi kolamu ya chinthu chilichonse cha m'chilengedwe. Ndipotu kudula kabokosi pakati ndi kanyenyezi kanga komwe kaja, mwangokaveka jekete.

ChokoNdiBolodi
Kanyenyezi kokhala ndi chifukwa, a Mfumu. Koma pa girafaiti pokha mwandigwira.

Nachisale_F4
Pepala langa ndi la m'kope wamba, makolamu asanu sakwana pokhapokha ndilitembenuze chammbali. Ndiyamba ndadula kabokosi. Tesiti yobwereza ili Lachinayi.

Bambo_a_Mapasa
Mwana wanga, ukamaliza ulijambule ndi foni uliponye pano. Mapasa ali Fomu 2, koma ndilisunga.